Sikirini ikuti "Zatheka" koma malisiti a msungichuma akukana

*"Ndinalembera gulu lina la amayi ogulitsa usipa kuno ku Makawa pulogalamu yosungira ngongole, ya PHP ndi MySQL. Ndikayesa ndekha zonse zimayenda, sikirini imalemba kuti 'Zatheka'. Koma mwezi ukatha, ndalama zotsala pa ngongole za anthu ena sizigwirizana ndi malisiti a msungichuma, pena munthu amaoneka ngati walipira kawiri. Amayiwo ayamba kundikayikira. Ndiyese bwanji kuti ndidziwe zimene zikulowadi mu detabesi?"*
Wowerenga wa ku Makawa, Mangochi

Achimwene, mawu akuti "Zatheka" aja munawalemba ndinu. Amatuluka chifukwa khodi yafika pa mzere umene munawaika, basi. Si detabesi imene ikuyankhula pamenepo. Choncho mukamayesa pongoyang'ana sikirini, mukufunsa mboni imene munaiuza nokha zokanena. Mboni yeniyeni ili m'matebulo, ndipo muyenera kukaifunsa podzera khomo lina, osati kudzera m'pulogalamu yomwe mukuikayikirayo.

Tiyambe ndi malo oyeserapo. Musayesere pa detabesi imene amayiwo akugwiritsa ntchito. Koperani matebulo onse ku detabesi ina, muitche `gulu_mayeso`, mufufutemo zonse, kenako muikemo zinthu zochepa zoti mutha kuzisunga m'mutu. Tiyerekeze kuti muli ndi matebulo atatu okhudzidwa munthu akabweza ngongole: `ngongole`, `malipiro` ndi `thumba`. Ikanimo ngongole ziwiri zokha. Ngongole nambala 7 ikhale ya K150,000, chiwongoladzanja chili momwemo, ndipo palibe chimene chabwezedwa. Ngongole nambala 8 ikhale ya K60,000. M'thumba la gulu muikemo K400,000. Tebulo la `malipiro` likhale lopanda kanthu. Ngongole nambala 8 ija simuigwiritsa ntchito, ili ngati mlonda: ikasintha ndiye kuti khodi yanu ikugwira mizere yosayenera.

Musanadine batani lililonse, tengani pepala mulembe zimene mukuyembekezera kupeza mayi wa ngongole nambala 7 akalipira K20,000. Mu `malipiro` mukhale mzere umodzi, osati iwiri, wa 20000.00, wolozera ku ngongole 7. Yotsala pa ngongole 7 ikhale 130000.00. Thumba lifike 420000.00. Ngongole 8 ikhalebe 60000.00. Kulemba musanaone kuli ndi phindu lake, chifukwa maso akaona nambala pa sikirini amafulumira kuivomereza ngakhale ili yolakwika pang'ono.

Tsopano lipirani kudzera pa fomu, monga achitira msungichuma. Mukatero tsegulani phpMyAdmin kapena windo la `mysql` mufunse matebulo atatuwo mwachindunji. Chifukwa chimene ndikulimbikira pa khomo lachiwirili n'chakuti zimene tiranzakishoni, ndiye kuti mtolo wa ntchito zoyenera kuchitika pamodzi, yalemba koma sinatsekedwe ndi `COMMIT` zimaoneka kwa amene wazilembayo yekha. Ngati khodi yanu inatsegula ndi `beginTransaction()`, n'kulemba zonse bwinobwino, n'kuwerenganso yotsala kuti iionetse pa sikirini, koma pa njira ina n'kuiwala `commit()`, sikirini idzaonetsa K130,000 mosakayikitsa. Tsamba likangomaliza, kulumikizana kumatsekeka, detabesi imabweza zonse, ngongole n'kubwerera pa K150,000. Mayi uja wapita ndi lisiti lake m'manja, koma m'kompyuta sanalipire.

Mayeso amenewa ambiri amawadutsa, ndipo ndikukhulupirira kuti nanunso mudutsa, poti mwati zimayenda mukayesa nokha. Vuto lanu likuoneka kuti limabwera zinthu zikasokonekera pakati, ndiye apa ndikhalapo pang'ono.

Kulipira kumodzi kuja ndi ntchito zitatu: kulowetsa mzere mu `malipiro`, kuchotsera pa `ngongole`, kuwonjezera mu `thumba`. Tiranzakishoni ndi lonjezo lakuti zitatuzi zichitika zonse, apo ayi sipachitika ngakhale chimodzi. Lonjezo limeneli simungalione zinthu zikuyenda bwino, monganso simungadziwe ngati bwato likudontha lili pamchenga. Muyenera kuigwetsa dala pulogalamuyo pakati pa ntchito, n'kuona chimene chatsala. Njira yosavuta, yosafuna kukhudza khodi ya PHP, ndiyo kutchera msampha pa tebulo lomaliza:

```sql
CREATE TRIGGER msampha BEFORE UPDATE ON thumba
FOR EACH ROW
SIGNAL SQLSTATE '45000' SET MESSAGE_TEXT = 'ndagwetsa dala';
```

Kuyambira pamenepa, aliyense wofuna kusintha `thumba` akanidwa. Bwererani ku fomu mulipirenso K10,000 pa ngongole 7. Ntchito yoyamba ndi yachiwiri zidutsa, yachitatu igwa. Chimene mukuyenera kupeza ndi ichi: sikirini inene kuti zakanika, mu `malipiro` mukhalebe mzere umodzi wakale uja, yotsala ikhalebe 130000.00, thumba 420000.00. Mukapeza mizere iwiri mu `malipiro` ndi yotsala ya 120000.00 pomwe thumba silinasunthe, mwaligwira vuto, ndipo lachokera pa chimodzi mwa zinthu zitatu.

Choyamba n'chodziwikiratu: mulibe tiranzakishoni konse. MySQL ikasiyidwa momwe imabwerera, lamulo lililonse limadzitsekera lokha likangotha, ndiye ntchito yoyamba imakhala yakhazikika kale yachiwiri isanayambe.

Chachiwiri n'chobisika ndipo chimagwira ngakhale anthu odziwa. Mu MySQL, lamulo limodzi likakanidwa mkati mwa tiranzakishoni, kawirikawiri limabwezedwa lokhalo, tiranzakishoniyo imakhalabe yotsegula ndi zimene zinadutsa kale. Detabesi imadikira kuti inuyo munene chochita. Ngati khodi yanu sinamve kuti chalakwika, imapitirira mpaka pa `commit()`, n'kukhazikitsa theka la ntchito. Ndipo kusamva kumeneku kumachitika mosavuta: PDO, chida cha PHP cholumikizira ku detabesi, mu PHP wakale asanafike 8.0, inkabwera ili chete, lamulo likakanidwa inkangobweza `false` osaimitsa kanthu. Kuyambira PHP 8.0 imaponya cholakwacho, koma ngati munachigwira ndi `catch` n'kungochilemba penapake osaitana `rollBack()`, mwabwerera pomwepo. Onetsetsani kuti mwaika ichi polumikiza:

```php
$pdo->setAttribute(PDO::ATTR_ERRMODE, PDO::ERRMODE_EXCEPTION);
```

ndipo mu `catch` muli `rollBack()`, ndi uthenga woona kwa msungichuma kuti alowetsenso.

Chachitatu chinandipwetekapo ineyo. Ndinalandira pulogalamu ya sitolo ina ya zipangizo za asodzi, khodi yake yooneka bwino, `beginTransaction()` ndi `rollBack()` zili m'malo mwake. Koma katundu m'kompyuta sankagwirizana ndi wa pa shelefu. Ndinatha masiku awiri ndikuwerenga PHP, kutentha kwa mu Okutobala kuli pamsana, osapeza kanthu. Kenako ndinapeza kuti matebulo awiri anachokera m'fayilo yakale ndipo anali a mtundu wa MyISAM. MyISAM sadziwa tiranzakishoni. Mukamuuza `ROLLBACK` sakana ayi, detabesi imangopereka chenjezo nambala 1196 lakuti matebulo ena sanathe kubwezedwa, ndipo chenjezo silionekera pa fomu. Mtundu wodziwa tiranzakishoni ndi InnoDB, umene unakhala wokhazikika kuyambira MySQL 5.5, koma tebulo lakale limasunga mtundu wake kulikonse mungalikopere. Funsani chonchi, ndipo yankho labwino n'lopanda mzere uliwonse:

```sql
SHOW TABLE STATUS WHERE Engine <> 'InnoDB';
```

Likatuluka lina, lisintheni ndi `ALTER TABLE dzina ENGINE=InnoDB;` mutasunga kaye kope la detabesi yonse.

Mukakonza, bwerezani mayeso a msampha mpaka manambala asasunthe. Kenako chotsani msamphawo ndi `DROP TRIGGER msampha;`, muutchere pa `ngongole` m'malo mwa `thumba`, muyesenso, mukatha muuchotsenso. Kugwa pa ntchito yachiwiri ndi kugwa pa yachitatu nthawi zina kumadutsa njira zosiyana m'khodi. Za magetsi kuzima pakati pa ntchito, zimene sizachilendo kwa ife, zimayesedwa mofananamo: ikani `sleep(20);` pakati pa ntchito yachiwiri ndi yachitatu, dinani batani, muzimitse Apache masekondi makumi awiriwo asanathe. InnoDB imataya yokha tiranzakishoni imene mwini wake wasowa asanaitseke, ndiye matebulo ayenera kukhala ngati simunadine kanthu.

Tibwere ku munthu wooneka ngati walipira kawiri. Taganizirani msungichuma atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mathandala oyanikapo usipa, foni ili m'manja, amayi asanu akudikira ndi ndalama zawo. Wadina "Lipira", netiweki yagwira pang'onopang'ono, sikirini sikusintha. Adinanso. Munthu aliyense angachite zomwezo. Seva yalandira mauthenga awiri ofanana, ndipo kwa iyo aliyense mwa iwo ndi malipiro abwinobwino. Kuzimitsa batani likadinidwa kumathandiza pang'ono, koma sikuteteza munthu akabwerera m'mbuyo pa tsamba kapena akalitsitsimutsa. Chitetezo cholimba chiyenera kukhala mu tebulo lenilenilo, monga lamulo limene detabesi imakana nalo chinthu choipa ngakhale khodi italakwitsa. Kwa `malipiro` ndingaike awa:

```sql
ALTER TABLE malipiro
  MODIFY ndalama DECIMAL(12,2) NOT NULL,
  MODIFY lisiti VARCHAR(40) NOT NULL,
  ADD CONSTRAINT ndalama_yeniyeni CHECK (ndalama > 0),
  ADD CONSTRAINT lisiti_limodzi UNIQUE (lisiti),
  ADD FOREIGN KEY (ngongole_id) REFERENCES ngongole (id);
```

`UNIQUE` pa `lisiti` ndiye wogwira kulipira kawiri, koma pali chinthu chofunika kuchimvetsa. Nambala ya lisitiyo iyenera kukhalapo batani lisanadinidwe. Ikhale nambala ya m'buku la malisiti la msungichuma, kapena nambala imene imabwera mu uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati mayiyo watumiza pa foni, kapena nambala imene pulogalamu imapanga fomu ikamatseguka n'kuibisa mu fomumo. Ngati seva imapanga nambala yatsopano nthawi iliyonse imene yalandira uthenga, kudina kawiri kudzabala malisiti awiri osiyana, `UNIQUE` adzawalandira onse mosangalala, ndipo inu mudzakhala mukuganiza kuti mwatetezeka.

Lamulo lolembedwa silinatsimikizike mpaka mutaliona likukana. Ndiye pitani pa windo la `mysql`, osati pa fomu, muyambe kuliputa limodzilimodzi. Chifukwa chosadzera pa fomu n'chakuti fomu ili ndi zotchinga zake. Ikakana K0, simudziwa ngati wakana ndi PHP kapena tebulo. Lowetsani lisiti limene lilimo kale: muyenera kulandira cholakwa nambala 1062. Lowetsani malipiro olozera ku ngongole 999, imene kulibe: 1452. Yesani kufufuta ngongole 7 pomwe ili ndi malipiro: 1451. Ikani `NULL` pa ndalama: 1048. Ikani ndalama ya 0, kenako ya -500: MySQL iyankhe 3819, MariaDB iyankhe 4025. Yang'anani nambalayo, osangokhutira kuti chakana, chifukwa chikhoza kukana pa chifukwa china chimene simunachiganize, monga dzina la kolamu lolembedwa molakwika, inu n'kuyesa kuti lamulo lagwira ntchito. Yesaninso m'malire mwenimweni: 0.01 ilowe, 0 ikanidwe, kenako mzere wa 0.01 uja muufufute.

Pa `CHECK` chenjerani kawiri. MySQL yakale isanafike 8.0.16, imene inatuluka mu 2019, inkalandira mawu a `CHECK` osadandaula koma osawagwiritsa ntchito n'komwe. MariaDB inayamba kuwatsatira pa 10.2.1. Ambiri timalembera pa XAMPP, amene amabwera ndi MariaDB, koma seva imene timakaikako pulogalamu ikhoza kukhala ndi china. Choncho `SELECT VERSION();` mufunse malo onse awiri, ndipo -500 uja mumuyese pa detabesi yoyeserapo imene ili pa seva yeniyeniyo, osati pa laputopu pokha. `FOREIGN KEY` nayenso amangonyalanyazidwa mwakachetechete pa tebulo la MyISAM. Chenjezo lachiwiri ndi `NULL`. `CHECK (ndalama > 0)` amakana chokhacho chimene chili chabodza, ndipo kufunsa ngati `NULL` waposa ziro sikupereka inde kapena ayi, ndiye amadutsa. `UNIQUE` nayenso amalola ma `NULL` ochuluka momwe mungafunire. N'chifukwa chake ndaika `NOT NULL` pa makolamu onse awiri. Popanda iye, lisiti losalembedwa nambala likhoza kulowa kakhumi.

Pa `ngongole` ikaniponso `CHECK (yotsala >= 0)`, kenako yesani pa fomu kulipira K200,000 pa ngongole yotsala K130,000. Mayeso amenewa ndimawakonda chifukwa amaphatikiza zonse ziwiri: mzere wa malipiro umalowa bwino, kuchotsera kumakanidwa ndi lamulo, ndiye mumaona ngati tiranzakishoni yabwezadi mzere woyamba uja. Ngati gulu limalola kulipira mopitirira n'kusunga zapamwambazo ngati masheya, imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi amayiwo, koma isaoneke ngati ngongole ya nambala yochepera ziro.

`DECIMAL(12,2)` uja sindinamuike mwangozi. Ngati ndalama munazisunga mu `FLOAT` kapena `DOUBLE`, kompyuta imasunga nambala yoyandikira, osati yeniyeni, 0.1 kuphatikiza 0.2 satuluka 0.3 ndendende. Tambala sitikumugwiranso m'manja masiku ano, koma chiwongoladzanja chikagawidwa amatulukira, ndipo `FLOAT` amayamba kutaya manambala omalizira ndalama zikafika mamiliyoni.

Kamodzi kokha ndikutonthozeni: mukayesa zonsezi mudzaona manambala a `id` mu `malipiro` akudumpha, 1 kenako 5. Palibe chasowa. `AUTO_INCREMENT` sabwerera m'mbuyo tiranzakishoni ikabwezedwa. Pa chifukwa chomwecho musagwiritse `id` ngati nambala ya lisiti yoonetsa anthu, msungichuma adzakufunsani kumene kwapita 2, 3 ndi 4.

Latsala vuto limodzi limene mayeso onse apamwambawa sangaligwire, chifukwa mukuyesa muli nokha. Limabwera anthu awiri akagwira ngongole imodzi nthawi imodzi. Tinene kuti yotsala ndi K130,000. Msungichuma akulowetsa K10,000 imene mayi wapereka pamanja, ndipo mlembi pa foni yake akulowetsa K5,000 imene mwamuna wa mayiyo watumiza ali kunyanja. Ngati khodi yanu imawerenga yotsala ndi `SELECT`, n'kuchotsera mu PHP, n'kulemba yankho ndi `UPDATE`, onse awiri awerenga 130000. Woyamba alemba 120000, wachiwiri alemba 125000 pamwamba pake. Yolondola inali 115000. Mu `malipiro` muli mizere iwiri yabwinobwino, palibe lamulo lathyoledwa, tiranzakishoni zonse zatsekeka bwino, sikirini zonse ziwiri zati "Zatheka", koma mayi waberedwa K10,000. Ndipo kuika zonsezi mkati mwa `beginTransaction()` sikuchiza, chifukwa `SELECT` wamba mu InnoDB satseka mzere, amangowerenga chithunzi chake.

Kudikira kuti zichitike zokha n'kutaya nthawi, mpata wake ndi waung'ono kwambiri. Ukulitseni. M'khodi yoyeserapo ikani `sleep(10);` kuwerenga kutatha koma musanalembe m'tebulo lililonse, tsegulani fomu malo awiri, mudine koyamba, kenako kwachiwiri masekondi khumi asanakwane. Malo awiriwo akhale osiyanadi, monga laputopu ndi foni, kapena Chrome ndi Firefox. Mukatsegula matabu awiri mu pulogalamu imodzi yosakatulira, PHP imawaona ngati munthu mmodzi, ndipo kasungidwe kake ka nthawi zonse kamatseka fayilo ya munthuyo mpaka uthenga woyamba utatha. Wachiwiri amadikira pamzere, mayeso amadutsa, inu n'kunyengeka kuti kulibe vuto.

Mankhwala ake ndi kusiyira detabesi kuti ichotsere yokha:

```sql
UPDATE ngongole SET yotsala = yotsala - 10000 WHERE id = 7;
```

`UPDATE` amatseka mzerewo, wachiwiri amadikira woyamba atseke tiranzakishoni yake, kenako amachotsera pa nambala yatsopano. Ngati mukufunikadi kuwerenga kaye, mwina kuti muwerengere chindapusa cha kuchedwa, werengani ndi `SELECT ... FOR UPDATE` mkati mwa tiranzakishoni, amenenso amatseka mzere. Bwerezani mayeso a mafoni awiri: wachiwiri achedwe pang'ono, yankho lituluke 115000.00. Thumba nalo muliyang'ane, liyenera kufika 435000.00, ndipo ilo ndiye lili pa chiopsezo chachikulu chifukwa malipiro a munthu aliyense amadutsa pa mzere umodzi womwewo. Pa tsiku la msonkhano wa gulu, pamene anthu awiri akulowetsa malipiro a amayi osiyanasiyana, ngongole zawo sizigundana koma thumba limagundana nthawi zonse.

Kunena zoona, ine ndikanakonda kuti yotsala isamasungidwe n'komwe, izingowerengedwa kuchokera ku malipiro nthawi iliyonse ikafunika. Gulu la amayi makumi atatu silingalemetse kompyuta ndi samu imeneyo, ndipo nambala yosungidwa malo amodzi siingatsutsane ndi inzake. Koma poti muli nayo kale, khalani ndi funso limodzi loyang'anira kuti ziwirizi zikugwirizana. Lamulo lake n'lachidule: ngongole yoyamba kuchotsapo malipiro onse ifanane ndi yotsala.

```sql
SELECT n.id, n.yoyamba, n.yotsala,
       COALESCE(SUM(m.ndalama), 0) AS zolipidwa
FROM ngongole n
LEFT JOIN malipiro m ON m.ngongole_id = n.id
GROUP BY n.id, n.yoyamba, n.yotsala
HAVING n.yoyamba - zolipidwa <> n.yotsala;
```

Zonse zikakhala bwino silitulutsa mzere. Mulifunse pa mapeto a mayeso aliwonse amene ndatchulawa, odutsa ndi ogwa omwe. `LEFT JOIN` ndi `COALESCE` alipo kuti ngongole imene sinalipidwepo nayo iwerengedwe. Mukagwiritsa `JOIN` wamba, ngongole imene yotsala yake inatsika popanda malipiro alionse idzabisala, pomwe ndi imene mukuifuna kwambiri.

Mukadzafika posandutsa mayesowa kukhala khodi yodziyendetsa yokha, monga ndi PHPUnit, kumbukirani za khomo lachiwiri lija. Anthu ambiri amakulunga mayeso aliwonse mu tiranzakishoni n'kuibweza pomaliza kuti detabesi ikhale yoyera. N'zofulumira, ndipo n'zabwino poyesa malamulo a tebulo. Koma poyesa `commit()` ndi `rollBack()` sizithandiza, chifukwa woyesa ndi woyesedwa ali m'chipinda chimodzi, akuona zinthu zimene wakunja sakuziona. Kwa mayeso amenewo lolani pulogalamu itseke tiranzakishoni yake yeniyeni, muwerenge ndi kulumikizana kwina kwa PDO, kenako mufufute matebulo ndi kuikamonso ngongole 7 ndi 8 musanayambe otsatira.

Funso la `HAVING` lija lili ndi ntchito inanso lero lomwe. Ilo limangowerenga, silisintha kanthu, ndiye mukhoza kulifunsa pa kope la detabesi yeniyeni ya gululo, ndipo kaonekedwe ka zimene litulutse kadzakuuzani matenda. Pamene yotsala yakwera kuposa yoyenera ndi ndalama yofanana ndendende ndi malipiro amodzi a munthuyo, mwina ntchito inaduka pakati, kapena malipiro awiri anagundana. Yang'anani nthawi, ngati mizere iwiri ya ngongole imodzi yasiyana ndi masekondi ochepa, ndi kugundana. Kulipira kawiri kokha funsoli silingakuone, chifukwa kudina kwachiwiri kumalowetsa mzere n'kuchotseranso, manambala n'kugwirizana okhaokha ngakhale ali abodza. Kumeneko kufufuzeni padera:

```sql
SELECT ngongole_id, ndalama, DATE(nthawi) AS tsiku, COUNT(*)
FROM malipiro
GROUP BY ngongole_id, ndalama, DATE(nthawi)
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Zimene zituluke apa ndi zokayikitsa chabe. Mayi amene wagulitsa bwino m'mawa pa doko n'kugulitsanso madzulo akhoza kulipiradi K5,000 kawiri tsiku limodzi. Wodula mlandu ndi buku la malisiti. Dziwaninso kuti `ALTER TABLE` uja adzakana kuika `UNIQUE` kapena `FOREIGN KEY` pa tebulo limene lili kale ndi mizere yothyola lamulolo, ndiye kuyeretsa kuyenera kuyamba, malamulo pambuyo.

Poyeretsapo musakhale nokha usiku n'kumasintha manambala ndi `UPDATE`. Amayiwo akukukayikirani kale, ndipo nambala yosintha yokha m'kompyuta idzangowonjezera manong'onong'o. Sindikizani mizere yatulukayo pa pepala, mukhale pansi ndi msungichuma, mlembi ndi wapampando, buku la malisiti lili potsegula, muyende mzere umodziumodzi. Pa malipiro obwereza musafufute mzere. Onjezani kolamu monga `wathetsedwa` ndi chifukwa chake, mafunso anu awiri aja aziwerenga okhawo osathetsedwa, ndipo lisiti la mzere wothetsedwawo mulipatse chizindikiro chosiyana kuti `UNIQUE` athe kulowa. Pepalalo asainire onse atatu, lisungidwe m'bokosi limodzi ndi buku la malisiti.